Mbuzi 100 zidzakhala zingati pakatha zaka zisanu? Kuwerengera khola ndi matirikisi ya Leslie

Gulu la alimi ku Thyolo likalandira mbuzi zoti azipatsirana, funso limene limabwera msanga pa msonkhano ndi lakuti: kodi ziweto zimenezi zidzafika liti kwa amene sanalandire? Mlembi amatenga kope, amaona kuti chaka chatha zinali 100 ndipo lero zili 150, kenako amanena kuti zikuchuluka ndi theka chaka chilichonse. Akapitiriza kuwerengera choncho amapeza mbuzi zoposa 750 pakatha zaka zisanu, ndipo anthu amapita kunyumba atalonjezedwa mbuzi zimene sizidzabadwa. Mlembiyo kuchulukitsa amadziwa bwino. Vuto ndi lakuti wawerenga mitu ya mbuzi ngati kuti yonse ndi yofanana, pamene kamwana ka miyezi itatu, msoti umene sunaswepo ndi mkota woswa chaka ndi chaka sizichita zofanana m'khola.

Masamu amene amathetsa vutoli si atsopano. Patrick Leslie, amene ankagwira ntchito yofufuza za kuchuluka kwa nyama ku Oxford, anawalongosola mu 1945 pogwiritsa ntchito chitsanzo cha makoswe, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero amatchedwa matirikisi ya Leslie. Matirikisi ndi tebulo la manambala lokhala ndi mizere yopingasa ndi yotsika. Ya Leslie imasunga zinthu ziwiri zokha: ndi zingati za msinkhu uliwonse zimene zimafika chaka chamawa zili moyo, ndiponso msinkhu uliwonse umabereka zingati. Ndifotokoza ndi khola limodzi la gulu. Manambala ake ndawasankha ndekha kuti masamu aoneke bwino, si a kafukufuku wina aliyense, ndipo gulu lililonse liyenera kupeza ake m'kope lake.

Tiwerenga zazikazi zokhazokha. Atonde ndi ofunika, koma malinga ngati m'mudzi muli tonde mmodzi kapena awiri okwanira, chimene chimachititsa kuti ana abadwe ambiri kapena ochepa ndi chiwerengero cha zazikazi. Tizigawa m'magulu atatu pa tsiku limodzi la chaka limene timawerenga, mwachitsanzo kumayambiriro kwa Julayi chaka chilichonse. Ana ndi amene sanakwane chaka. Misoti ndi ya chaka chimodzi koma yosakwana ziwiri. Mikota ndi ya zaka ziwiri kupita m'tsogolo. Mayinawa pano akutanthauza zaka basi, choncho msoti ungathe kuswa chakacho chisanathe, popeza bere la mbuzi limatenga miyezi isanu yokha.

Tinene kuti kope likusonyeza izi. Pa ana 10 aliwonse amene tawerenga lero, 6 amapezeka chaka chamawa atasanduka misoti. Ena afa ndi njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba kapena agwidwa ndi agalu. Pa misoti 10, 9 imafika pokhala mikota. Pa mikota 10, 8 imakhalapobe chaka chamawa. Pa nkhani ya kubereka, misoti 10 imatisiyira ana aakazi 6 amene adzakhale ali moyo pa tsiku lowerenga likubweralo, ndipo mikota 10 imatisiyira ana aakazi 8. Tikaika m'tebulo zimaoneka chonchi:

```
A =  0     0.6   0.8
     0.6   0     0
     0     0.9   0.8
```

Mzere wotsika uliwonse ukunena za kumene mbuzi ili lero: woyamba ndi wa ana, wachiwiri wa misoti, wachitatu wa mikota. Mzere wopingasa uliwonse ukunena za kumene tidzaipeze chaka chamawa. Choncho 0.9 amene ali pansi pakati akutanthauza kuchoka ku misoti kupita ku mikota, ndipo mzere wapamwamba wonse ndi wa kubereka, chifukwa chilichonse chobadwa chimayambira ku ana. Mu matirikisi ya Leslie yeniyeni chaka chilichonse cha moyo chimakhala ndi mzere wakewake ndipo pakona yomaliza pamakhala 0. Ife taphatikiza mikota yonse m'gulu limodzi, chifukwa m'mudzi n'zosowa kupeza munthu wodziwa ngati mbuzi yake ili ndi zaka zinayi kapena zisanu, ndiye 0.8 wapakonayo ndi mikota imene imatsalabe m'gulu lomwelo.

Kupita m'tsogolo ndi chaka chimodzi ndi kuchulukitsa tebuloli ndi chiwerengero cha lero. M'mabuku amalemba mwachidule kuti `n(t+1) = A n(t)`, koma zimene zikuchitika ndi izi:

```
ana mawa    = 0.6 × misoti + 0.8 × mikota
misoti mawa = 0.6 × ana
mikota mawa = 0.9 × misoti + 0.8 × mikota
```

Gulu lathu lalandira misoti 100, palibe ana, palibe mikota. Pakatha chaka ana adzakhala 60, misoti sipadzakhala ngakhale umodzi chifukwa panalibe ana oti akule, ndipo mikota idzakhala 90. Zonse pamodzi 150. Apa ndi pamene mlembi anaona kuchuluka kwa theka. Chaka chachiwiri ana ndi 0.8 × 90, zomwe ndi 72, misoti ndi 0.6 × 60, zomwe ndi 36, mikota ndi 0.8 × 90, zomwe ndi 72. Zonse 180. Tikapitiriza, n'kumagawa chiwerengero cha chaka chilichonse ndi cha chaka chapitacho, timapeza izi:

```
chaka  ana    misoti  mikota  zonse   kuyerekeza
0      0      100     0       100
1      60     0       90      150     1.500
2      72     36      72      180     1.200
3      79.2   43.2    90      212.4   1.180
4      97.9   47.5    110.9   256.3   1.207
5      117.2  58.8    131.5   307.4   1.199
```

Pakatha zaka zisanu zazikazi zili pafupifupi 307, osati 750. Musadandaule ndi zidutswa ngati 79.2, palibe mbuzi yatheka, manambalawo akungonena zimene tingayembekezere pa avareji, ndipo ndi bwino kusawadula mpaka kumapeto kwa masamu. Yang'anani mzere wotsika womalizawo. Unayamba ndi 1.5, unatsika, unadutsa pang'ono pansi pa 1.2, unakwera pang'ono pamwamba pake, ndipo tsopano ukukhazikika pa 1.2. Mukapitiriza mpaka chaka cha 10 kapena cha 20 sudzachokanso pamenepo. Nambala imeneyi ndi imene akatswiri a masamu amaitchula kuti aigenivaliyu yaikulu ya matirikisi, ndipo amailemba ndi chilembo cha Chigiriki λ, chimene timatchula kuti lamuda. Ikaposa 1 khola likukula, ikakhala 1 ndendende laima, ikachepera 1 likutha. Yathu ya 1.2 ikutanthauza kuwonjezereka ndi 20 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo pa liwiro limeneli khola limachuluka kawiri pakatha zaka zinayi zosakwana pang'ono.

Kodi 1.2 ameneyu akuchokera kuti, popeza m'tebulo lathu mulibe?

Kuti timvetse, tiyeni tiyambe ndi khola lina lokhala ndi ana 80, misoti 40 ndi mikota 90, zonse 210. Ana a chaka chamawa ndi 24 kuphatikiza 72, zomwe ndi 96. Misoti ndi 48. Mikota ndi 36 kuphatikiza 72, zomwe ndi 108. Tsopano yerekezani: 96 ndi 80 kuchulukitsa ndi 1.2, 48 ndi 40 kuchulukitsa ndi 1.2, 108 ndi 90 kuchulukitsa ndi 1.2. Gulu lililonse lakula mofanana, ndiye kaonekedwe ka khola sikanasinthe, langokula basi. Chaka chinacho zidzachitikanso chimodzimodzi, chifukwa kagawidwe ka misinkhu n'komweko. Tanthauzo la aigenivaliyu ndi limeneli. Pali kagawidwe kapadera ka misinkhu kamene matirikisi ikakachulukitsa sikasintha mawonekedwe, kamangokula ndi nambala imodzi. Kagawidweko ndi aigenivekitala, nambalayo ndi aigenivaliyu. Kwa ife kagawidwe kokhazikikako ndi 8 kwa 4 kwa 9, kutanthauza kuti pa mbuzi 100 ana ndi pafupifupi 38, misoti 19 ndipo mikota 43. Mukabwerera ku chaka chachisanu cha gulu lathu muona kuti 117, 59 ndi 131 zafika kale pafupi kwambiri ndi kagawidwe kameneka, ngakhale tinayamba ndi misoti yokhayokha.

Mungathe kuipeza λ ndi cholembera basi. Tiyerekeze kuti khola lakhazikika ndipo ana ndi 1. Misoti ya lero ndi ana a chaka chatha amene anapulumuka, ndipo ana a chaka chatha anali ochepa kuposa a lero, kugawa ndi λ, ndiye misoti ndi 0.6 kugawa ndi λ. Mukachita chimodzimodzi ndi mikota, kenako n'kufuna kuti ana obadwa akwane λ, mumatsala ndi ikwezhoni imodzi:

```
λ × λ = 0.36 + 0.432 / (λ − 0.8)
```

Apa 0.36 ndi 0.6 × 0.6, njira ya mwana amene wakula n'kubereka ali msoti, ndipo 0.432 ndi 0.6 × 0.9 × 0.8, njira ya amene wafika pa mkota. Yesani 1.1: kumanzere kukubwera 1.21, kumanja 1.80, ndiye yachepa. Yesani 1.3: kumanzere 1.69, kumanja 1.22, yapitirira. Yesani 1.2: mbali zonse 1.44. Amene ali ndi kompyuta angachite ndi mizere itatu ya Python:

```python
import numpy as np
A = np.array([[0, 0.6, 0.8], [0.6, 0, 0], [0, 0.9, 0.8]])
print(np.linalg.eigvals(A))
```

Kompyuta idzakupatsani manambala atatu, osati imodzi, chifukwa matirikisi ya mizere itatu ili ndi maaigenivaliyu atatu. Imodzi ndi 1.2. Ziwiri zinazo zidzaoneka zachilendo, pafupifupi `-0.2+0.283j` ndi `-0.2-0.283j`, ndipo kukula kwa iliyonse ndi pafupifupi 0.35. Mawu akuti "yaikulu" akuchokera pamenepa, ndipo apa ndi pamene pagona chifukwa chimene khola lililonse limakafika pa 1.2. Chiwerengero chilichonse choyambira, kaya misoti 100 kaya china, chingathe kulembedwa ngati zigawo zitatu zophatikizana, chigawo chilichonse chotsatira aigenivekitala yake. Chaka chilichonse chigawo choyamba chimachulukitsidwa ndi 1.2, pamene kukula kwa ziwiri zinazo kumachulukitsidwa ndi 0.35. Pakatha zaka zisanu choyamba chakula kufika pa 2.49 ya mmene chinalili, zinazo zatsika kufika pa 0.005. Zimafota, ndipo chotsala ndi kagawidwe ka 8, 4, 9 kakukula ndi 1.2. Kukwera ndi kutsika kuja tinaona pa 1.180 ndi 1.207 ndi zigawo ziwirizo zisanatheretu. Mukagawa yaikulu ndi kukula kwa yachiwiri, 1.2 ndi 0.35, mumapeza pafupifupi 3.5, ndipo nambala imeneyi ikakhala yaikulu khola limakhazikika msanga. Ikakhala pafupi ndi 1 pamatenga zaka zambiri, ndipo λ siingakuuzeni zambiri za zaka zoyambirira.

Kuti nambala yaikulu yotereyi ilipo, ndi imodzi yokha, ndi yoposa ziro ndiponso kagawidwe kake kalibe manambala otsika pansi pa ziro, si mwayi wa chitsanzo chathu. Oskar Perron anatsimikizira zimenezi mu 1907 ndipo Georg Frobenius anazikulitsa mu 1912. Pali nthawi zina pamene zimakanika. Ngati chamoyo chimabereka pa msinkhu umodzi wokha kenako n'kufa, maaigenivaliyu angapo amafanana kukula, palibe amene amafota, ndipo chiwerengero chimangozungulira osakhazikika. Harro Bernardelli anasonyeza zimenezi mu 1941 ndi chitsanzo cha kachilombo kokhala zaka zitatu n'kubereka m'chaka chomaliza. Mbuzi, ng'ombe ndi anthu zimabereka pa misinkhu yotsatizana, ndiye vutoli silitikhudza.

λ imanena za liwiro, siinena za kuchuluka. Gulu lina la ku Thekerani, tinene, litalandira ana aakazi 100 m'malo mwa misoti 100, chaka choyamba likhala ndi mbuzi 60 zokha, chachiwiri 90, chachitatu 108, ndipo pa chaka chachisanu pafupifupi 154. Nalonso lidzakhazikika pa 1.2, koma lidzakhala ndi theka la mbuzi za gulu loyamba mpaka kalekale. Kusiyanaku kuli ndi dzina, mtengo wa kubereka, ganizo limene Ronald Fisher analifotokoza mu 1930. Ndi muyeso wa zimene mbuzi imodzi ya msinkhu wakutiwakuti idzathandize pa chiwerengero cha m'tsogolo. Mu matirikisi yathu mwana ali ndi mtengo wa 1, msoti 2, mkota 2. Msoti ukuposa mwana kawiri chifukwa wadutsa kale chaka choopsa chija chimene ana 4 pa 10 amafa, komanso wayandikira kubereka ndi chaka chathunthu. Ndimaona kuti ili ndi phunziro limene komiti iliyonse yopatsirana mbuzi iyenera kulimva. Banja limene linalandira msoti likabweza kamwana kongoleka kuyamwa, pa kope zimaoneka ngati mbuzi kwa mbuzi, koma amayi amene alandira kamwanako apatsidwa theka la zimene anzawo anapatsidwa.

Manambala awiriwa, kagawidwe kokhazikika ndi mtengo wa kubereka, amayankhanso funso limene alangizi a ziweto amakumana nalo: ndalama zikachepa, tiyambire pati? Lamulo lake ndi losavuta. Kuti mudziwe mmene λ ingasinthire mukasintha nambala imodzi m'tebulo, chulukitsani mtengo wa gulu limene mbuzi ikupitako ndi kuchuluka kwa gulu limene ikuchokera, kenako gawani ndi 34, amene ndi 8 × 1 kuphatikiza 4 × 2 kuphatikiza 9 × 2. Kupulumuka kwa ana ndi 2 × 8 kugawa ndi 34, pafupifupi 0.47. Kubereka kwa mikota ndi 1 × 9 kugawa ndi 34, pafupifupi 0.26. Kupulumuka kwa mikota ndi 2 × 9 kugawa ndi 34, pafupifupi 0.53. Ndiye mukakweza kubereka kwa mikota kuchoka pa 0.8 kufika pa 0.9, λ imafika pa 1.226. Mukakweza kupulumuka kwa ana kuchoka pa 0.6 kufika pa 0.7, imafika pa 1.246. Mukakweza kupulumuka kwa mikota kuchoka pa 0.8 kufika pa 0.9, imafika pa 1.255. Anthu ambiri amalakalaka tonde wa mtundu wamakono kuti mapasa achuluke, koma m'khola ili kusunga zimene zabadwa kale kukupindulitsa pafupifupi kawiri. Khola lam'mwamba louma, mankhwala a njoka za m'mimba nthawi ya mvula ndi chitseko cholimba choti akuba alephere zili patsogolo pa mapasa. Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi yowawa: akuba akamatenga mkota umodzi pa 10 iliyonse chaka ndi chaka, λ imatsika kufika pa 1.15. Zoterezi zinaonekanso kwina. Mu 1987 Deborah Crouse, Larry Crowder ndi Hal Caswell anagwiritsa ntchito matirikisi pa akamba a m'nyanja ku Amerika ndipo anapeza kuti kuteteza mazira kokha sikukanawapulumutsa, chofunika kwambiri chinali kuchepetsa imfa za akamba okulirapo amene ankakodwa m'maukonde. Koma masamuwa akungonena kumene λ imamvera kwambiri, sakunena kuti chotsika mtengo kuchita n'chiti. Chimenecho amadziwa ndi alimi eni ake.

Mbuzi siziwetedwa kuti zingochuluka. Zimagulitsidwa kukafunika fizi, fetereza kapena chimanga m'miyezi ya njala, ndipo matirikisi ingathe kunena malire. Funso ndi lakuti tingagulitse mikota ingati chaka chilichonse popanda khola kuyamba kutha, kutanthauza λ isatsike pansi pa 1. Yankho limadalira nthawi yogulitsira. Ngati mikota ikugulitsidwa itaswa kale ndi kuleketsa ana, kubereka kwa 0.8 sikusintha, chosintha ndi nambala yapakona. Mukaika λ pa 1 mu ikwezhoni ija mumapeza kuti nambalayo ingatsike mpaka 0.325. Ndiye pa mikota 100 yowerengedwa, 80 imapulumuka, 33 muisunge, 47 mungagulitse. Koma ngati ikugulitsidwa isanaswe, mwina ili ndi bere, imachoka pamodzi ndi ana ake a chakacho, ndipo manambala onse awiri a mzere wotsika wa mikota amachepa limodzi. Pamenepo malire amatsika kufika pa mikota 32 pa 100. Khola ndi lomwelo, msika wa ku Bvumbwe kapena ku Luchenza ndi womwewo, koma kusiyana kwa miyezi yochepa kwadya mikota 15. Awa ndi malire a kumapeto kwenikweni, pamene khola laimiratu osakula, ndipo palibe gulu limene liyenera kufika pamenepo. Atonde aang'ono, amene sali m'tebulo lathu n'komwe, angagulitsidwe popanda λ kugwedezeka, bola wotsala wokwera alipo.

Zolakwika zambiri zimachitikira mu mzere wapamwamba. Chofala kwambiri ndi kuika ana onse, aamuna ndi aakazi, pamene mizere ina ikuwerenga zazikazi zokha. M'khola lathu zimenezi zingasinthe 0.6 ndi 0.8 kukhala 1.2 ndi 1.6, ndipo λ ingatuluke 1.44, kukula kwa 44 pa 100 kumene kulibe. China ndi kuika ana obadwa m'malo mwa ana amene afika tsiku lowerenga ali moyo. Kamwana kobadwa mu Disembala n'kufa mu Febuluwale sikanawerengedwepo, ndiye imfa yake siili mu 0.6 wa kupulumuka kwa ana, iyenera kuchotsedwa pa nambala ya kubereka. Njira yabwino ndi kugawa ana aakazi amene mwawapeza lero ndi amayi awo monga munawawerengera chaka chatha, kuphatikizapo amayi amene anafa pakati pa chaka. Kuti mudziwe ngati mwalakwitsa, onani zinthu ziwiri. Mu mzere wotsika uliwonse, manambala a pansi pa mzere wapamwamba akaphatikizidwa asapitirire 1, chifukwa mbuzi 10 sizingapulumuke 11. Kenako chulukitsani matirikisi ndi chiwerengero cha chaka china chimene simunagwiritse ntchito poipanga, muone ngati ikufika pafupi ndi zimene kope linalemba chaka chotsatira.

Ena amasokoneza λ ndi chiwerengero cha ana aakazi amene mbuzi imodzi imasiya pa moyo wake wonse. Chimenecho m'khola lathu ndi 0.36 kuphatikiza 0.432 kugawa ndi 0.2, zomwe ndi 2.52. Nambala imeneyi ndi ya m'badwo wonse, pamene 1.2 ndi ya chaka chimodzi. Zimagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: ina ikaposa 1 inzake imaposanso 1.

Kutalika kwa sitepe nakonso kumapusitsa. Magulu a misinkhu ayenera kukhala otalika mofanana ndi nthawi imene matirikisi ikudumpha. Owerengera anthu amakonda magulu a zaka zisanuzisanu, 0 mpaka 4, 5 mpaka 9, ndi kupitirira, ndiye λ yawo ndi ya zaka zisanu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.6 miliyoni m'Malawi muno, ndipo chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 pa 100 pachaka kuchokera mu 2008. Kukula kotereku pa zaka zisanu ndi pafupifupi 1.15, ndipo wina akaona 1.15 n'kunena kuti anthu akuchuluka ndi 15 pa 100 pachaka walakwitsa kwambiri. Komanso 2.9 ameneyu ndi kukula kumene kunachitikadi, si λ. N'chimodzimodzi ndi 1.5 wa mlembi uja: mumalowa mphamvu ya kagawidwe ka misinkhu ka nthawiyo. Dziko la ana ndi achinyamata ambiri limapitirira kukula kwa zaka makumi angapo ngakhale kubereka kutatsika mpaka λ kufika pa 1, chifukwa achinyamatawo sanafike pobereka. Ndipo pa boma limodzi ngati Thyolo kapena Mulanje, anthu opita ku Blantyre ndi ku Joni kapena obwera kudzagwira ntchito m'maesiteti a tiyi sali mu matirikisi ya kubadwa ndi kufa, amafunika kuwonjezeredwa paokha.

Malire aakulu a λ ndi akuti imayankha funso limodzi lokha: chingachitike n'chiyani manambala asanu aja atakhala osasintha mpaka kalekale? Siilosera, imayeza mmene zinthu zilili lero. Pa 1.2, misoti 100 ija ingakhale mbuzi zoposa 4,700 pakatha zaka 20, ndipo aliyense wodziwa Thyolo akudziwa kuti n'zosatheka. Malo ndi ochepa, minda yafika mpaka m'malire a maesiteti, ndipo nthawi ya dzinja mbuzi zimamangidwa pa chingwe kuti zisadye chimanga cha eni. Mbuzi zikachuluka msipu umachepa, njoka za m'mimba zimafala, ana amafa ambiri, ndipo 0.6 uja amatsika yekha. Choncho matirikisi iyenera kukonzedwanso ndi manambala atsopano chaka chilichonse kapena ziwiri, ndipo kuwerengera kwake kudaliridwe pa zaka zochepa zokha.

Zaka nazonso sizifanana. Namondwe Freddy, amene anagwa mu Malichi 2023, anakokolola ziweto ndi makola ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena akum'mwera. Yesero limene limabwera ndi kutenga avareji ya chaka chabwino ndi choipa, koma kukula kumachulukitsidwa, sikuphatikizidwa. Khola likakula ndi 1.5 chaka chino kenako ndi 0.6 chaka chamawa, avareji ndi 1.05 ndipo zikuoneka ngati likukula. Zoona zake n'zakuti 1.5 × 0.6 ndi 0.9, mbuzi 100 zatsala 90. Chochita ndi kupanga matirikisi ziwiri, ya chaka chabwino ndi ya chaka choipa, n'kuzichulukitsa motsatizana monga mmene zaka zingabwerere, ndipo muyese madongosolo angapo, chifukwa pa matirikisi kuyamba ndi chaka choipa ndi kumaliza nacho sikupereka khola lofanana.

Manambala onsewa amagwira ntchito pa mbuzi zambiri. Banja limene lili ndi mikota iwiri silikumana ndi 0.8, limakumana ndi mbuzi yamoyo kapena yakufa. Ngati imfa ya umodzi siikhudzana ndi ya unzake, mwayi woti iwiri yonse ife chaka chimodzi ndi 0.2 × 0.2, mabanja 4 pa 100 aliwonse, ndipo popeza matenda ndi akuba amalowa khola lonse nthawi imodzi, zenizeni zimaposa pamenepo. Gulu la mabanja 50 lingakhale ndi λ ya 1.2 pamene mabanja awiri kapena atatu mwa iwo atsala ndi khola lopanda kanthu, ndipo malamulo a gulu ayenera kunena kale ngati mabanja amenewo adzalandirenso msoti asanalandire amene ali pa mzere.